Nkhope yasalala ngati ya chidole: kuthetsa mavuto a firikwensi separeshoni mu Photoshop

Nyengo ya maukwati ikafika kuno kuchigwa, achinyamata amene ndinawaphunzitsa kukonza zithunzi amanditumizira dandaulo limodzimodzi: akonza nkhope ya mkwatibwi, mabanga achoka, koma khungu latsala see ngati pulasitiki, ndipo mwini chithunzi akuti si iyeyo. Dandauloli lachokera ku Nchalo, ku Ngabu ngakhalenso ku Bangula, ndipo ndikatsegula mafayilo awo ndimapeza zolakwika zomwezomwezo. Ndaona kuti ndi bwino ndizilembe pamodzi.

Zithunzi za kuno zili ndi vuto lakelake. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye pofika nthawi yojambula paudala wa mkwatibwi amakhala atasakanikirana ndi thukuta, chipumi chikunyezimira, pamene khosi lili ndi mtundu wina. Tikathawira pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lodutsa m'masamba limasiya mawangamawanga pankhope. Zonsezi zimachititsa munthu kufuna kusalaza kwambiri, ndipo mavuto amayambira pomwepo.

## Yambani mwaona ngati munagawa bwino

Njira ya firikwensi separeshoni imagawa chithunzi pawiri. Leya yapansi, imene ine ndimaitcha `Low`, imasunga mtundu wa khungu pamodzi ndi kuwala ndi mthunzi. Yapamwamba, `High`, imasunga tinthu ting'onoting'ono: timabowo ta pakhungu, ubweya, timizere. Mukaziphatikiza bwino zimabweza chithunzi chija ndendende, osasintha kalikonse.

Dinani `Ctrl+J` kawiri. Pa `Low` ikani `Filter > Blur > Gaussian Blur`. Kenako sankhani `High`, pitani ku `Image > Apply Image`, ndipo mulembe manambala molingana ndi fayilo yanu:

```
8 Bits/Channel
Layer: Low   Invert: off
Blending: Subtract   Scale: 2   Offset: 128

16 Bits/Channel
Layer: Low   Invert: on
Blending: Add   Scale: 2   Offset: 0
```

Mukatero sinthani `High` kuchoka pa `Normal` kupita pa `Linear Light`, ndipo muike maleya awiriwa m'gulu limodzi ndi `Ctrl+G`. Musanagwire burashi iliyonse, zimitsani kadiso ka gululo n'kukayatsanso. Ngati mwaona kusintha kulikonse, imani kaye, mwagawa molakwika.

## Chithunzi chasintha musanayambe n'komwe kukonza

Apa sipafunika kuganiza kwambiri. Zifukwa zake ndi izi, kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri:

- Chonse chatuwa ngati phulusa: `High` ikadali pa `Normal`. Ikani pa `Linear Light`.
- Chikuoneka ngati muli nkhungu: mu `Apply Image` munasiya `Layer` pa `Merged`, ndiye `High` yadzichotsera yokha n'kutsala yopanda kanthu. Bwererani ndi `Ctrl+Z`, musankhe `Low`.
- Timabowo takuthwa mopitirira muyeso: `Scale` ili pa 1 m'malo mwa 2.
- Chada bii: mwagwiritsa `Subtract` koma `Offset` mwaisiya pa 0.
- Chafewa pang'ono chabe: mwasankha `Overlay` kapena `Soft Light`, zimene sizibweza timabowo mokwanira.

Pa zonsezi musayese kuphimba ndi `Curves` pamwamba. Fufutani gululo mugawenso, ndi ntchito ya mphindi imodzi.

## Khungu lasalala ngati la chidole

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo ndikhalitsapo.

Choyamba: `Radius`, nambala imene mumaika pa `Gaussian Blur`, inachepa pogawa. Anthu ambiri amaganiza kuti nambala yaing'ono ndiyo yoteteza khungu, koma zimayenda mosemphana. Chilichonse chimene `Gaussian Blur` sinafafanize pa `Low` chimatsalira pomwepo, sichikwera kupita ku `High`. Tinene kuti mwaika 2 pa nkhope yojambulidwa pafupi. Tiubweya tosaoneka bwino ndi phokoso la kamera zipita ku `High`, koma timabowo tenitenito, tokulirapo, titsala pa `Low`. Mukayamba kusalaza `Low` mukufufuta timabowo tomwe mumaganiza kuti mwatisunga.

Poyesa, zimitsani `High` ndipo muyang'ane tsaya pa `Low` yokha, mutakulitsa kufika 100%. Ngati mukuthabe kuona timabowo, nambala inachepa. Nambala yoyenera ndi ija imene timabowo tangozimiririka kumene, koma mabanga a mtundu ndi mithunzi ya nkhope zikuonekabe. Muziikweza pang'onopang'ono kuyambira pa 1, maso ali patsaya pafupi ndi mphuno pomwe timabowo timakula.

Nambala imodzi yokwanira zithunzi zonse kulibe, chifukwa imatengera kukula kwa nkhope m'chithunzimo. Pa kamera yanga ya mamegapikiselo 24, nkhope yodzaza chithunzi imafuna pakati pa 6 ndi 10, munthu wojambulidwa kulekeza m'chiuno amafuna 3 kapena 4, ndipo wojambulidwa thupi lonse sapitirira 2. Awa ndi poyambira chabe. N'chifukwa chake akishoni yokopera kwa mnzanu, yomwe ili ndi nambala yokhazikika, imakhoza pa chithunzi china n'kuononga chinzake.

Chachiwiri: mwasankha malo aakulu n'kuwasalaza kamodzi. Apa m'pamene pamafunika kumvetsa bwino. `Low` sisunga mtundu wokha ayi, imasunganso maumbidwe a nkhope. Kamthunzi ka pansi pa fupa la tsaya, kuwala kwa pamsana pa mphuno, kudera kwa m'mbali mwa chipumi, zonsezi ndi zimene zimatiuza kuti nkhope ndi yobulungira ndipo ndi ya uje. Mukazunguliza tsaya lonse ndi `Lasso` n'kuika `Gaussian Blur` ya 40, mwasakaniza kuwala ndi mthunzi, ndipo tsaya laphwatalala. Timabowo tikhoza kukhalapo ndithu, koma timaoneka ngati tamatidwa pa chikhodzodzo cha mpira.

Kukonza kwake n'kusankha timalo ting'onoting'ono, tokula ngati chala chachikulu pankhope ya munthuyo, tokhala ndi kuwala kofanana. `Feather` ikhale pakati pa 15 ndi 25 pa nkhope yapafupi, kuti malire asaoneke. Musadutse pamalire a kuwala ndi mthunzi. Ngati mumakonda `Mixer Brush`, izikhala yoyera yopanda mtundu, `Sample All Layers` ikhale yozimitsa, ndipo `Wet` ndi `Flow` muziyambira cha pa 20%. Muziikoka motsatira mmene mthunzi wagonera, ngati mmene amayi amazirira nyumba motsatira khoma, osati mopingasa.

Chachitatu: mwafewetsa `High` osadziwa. Izi zimachitika mukamachotsa ziphuphu ndi `Clone Stamp` ya m'mbali mofewa kwambiri kapena ya `Opacity` yotsika. Timabowo ta malo awiri tikasanjikizana mwatheka timafafanizana, n'kusiya kamalo kosalala. Pa `High` ikani `Opacity` pa 100% ndipo burashi ikhale yolimbako m'mbali, yokula pang'ono chabe kuposa chiphuphucho.

Chachinayi: timabowo munalibe chiyambire. Ngati kamera inalunjika pa velo kapena pa ndolo m'malo mwa maso, kapena ngati chithunzi chinachokera pa foni yomwe imasalaza nkhope yokha, `High` idzatuluka yotuwa yopanda kanthu. Iyang'aneni payokha muone. Zikatere njirayi ilibe choti iteteze, ndipo ndi bwino kungokonza mtundu pang'ono n'kusiya.

## Mukusalaza koma mabanga sakuchoka

Apa vuto latembenuka: `Radius` inakula kwambiri, ndiye mabanga amene mukufuna kuchotsa akwera kupita ku `High` pamodzi ndi timabowo. Mungasalaze `Low` tsiku lonse, bangalo lidzakhala likukuyang'anani. Yang'anani `High` payokha, itabwezedwa kaye pa `Normal`. Iyenera kuoneka yotuwa ndi timizere tochepa. Mukaona mithunzi ya nkhope kapena mitundu yoonekeratu, gawaninso ndi nambala yocheperapo.

Ngati nambala ili bwino, onani ngati mwasankhadi `Low` osati leya yoyamba yapansi penipeni, ndiponso ngati palibe malo ena amene mwazunguliza n'kuiwala. `Ctrl+D` imachotsa zimenezo.

## Chipumi chikunyezimirabe, kapena chatuwa mbuu

Ndifotokoze ndi chithunzi chenicheni chimene ndinakonza chaka chatha, cha mkwatibwi wina wojambulidwa ku Nchalo masana, kunja kwa tchalitchi. Fayilo inali ya mapikiselo 6000 kwa 4000, nkhope kuyambira pachibwano kufika pamene tsitsi layambira inali pafupifupi mapikiselo 1,500. Pachipumi ndi pamphuno panali chowala cha thukuta, ndipo m'mphepete mwa nsagwada munali mzere pamene paudala wofiirira analekezera, khosi n'kutsala lakuda kuposa nkhope.

Ndinatsegula mu `16 Bits/Channel` n'kuyamba kukweza `Radius`. Pa 4 timabowo ta pafupi ndi mphuno tinkaonekabe, pa 6 tinazimiririka, ndiye ndinaima pa 6. Nditayang'ana maleya awiriwo payekhapayekha ndinaona kuti kunyezimirako kwagawika: chowala chachikulu chofalikira chinali pa `Low`, koma timadontho towala ta thukuta, tokhala m'kamwa mwa timabowo, tinali pa `High`. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Amadetsa `Low` yokha, timadontho tija n'kutsala tikuthwanima pa khungu lodera, chipumi n'kuoneka ngati chathiridwa shuga.

Ndinaika leya yopanda kanthu pakati pa `Low` ndi `High`. Ndi `Eyedropper` yoikidwa pa `11 by 11 Average` ndi `Current & Below`, ndinatenga mtundu m'mphepete mwenimweni mwa chowalacho, osati patsaya pomwe pali mthunzi. Kenako ndinapaka ndi burashi yofewa ya `Flow` 3%, mobwerezabwereza, ndikutenga mtundu watsopano ndikasuntha pang'ono. Nditamaliza ndinatsitsa `Opacity` ya leyayo kufika 60%, chifukwa sindinkafuna kupha kuwala konse. Khungu lakuda limaonetsa maumbidwe ake kudzera m'kuwala kumene limabweza. Mukakuchotsa konse chipumi chimatuwa mbuu ngati cha munthu amene sanadzole mafuta, ndipo palibe mkwatibwi angakondwere nazo.

Pa `High` ndinatenga timabowo ta m'mbali mwa chipumi momwemo n'kuphimba timadontho towala kwambiri tokha, ena ndinawasiya. Timabowo ta patsaya sindinatengere pachipumi, chifukwa timasiyana kukula ndi kagonedwe.

Mzere wa paudala sindinausalaze. Ndinawonjezera leya ina pakati pomwepo, n'kuisintha kuchoka pa `Normal` kupita pa `Color`, n'kupaka mtundu wa khosi mopepuka m'mphepete mwa nsagwada kuti nkhope ndi khosi zigwirizane. `Color` imasintha mtundu wokha, kuwala ndi mthunzi imazisiya mmene zilili. Ndinatsatira khosi osati nkhope, popeza khosi ndilo linali ndi mtundu weniweni wa mwiniwake. Chithunzi chonsecho chinanditengera mphindi pafupifupi 25.

Ngati mwachita zonsezi koma chipumi chatuwabe, zifukwa zake ndi izi:

- Munatenga mtundu pamalo owala kapena otuwa kale. Tengani pamalo pomwe khungu lili ndi mtundu wake wonse.
- Munapaka pamwamba pa `High`, ndiye utoto waphimba timabowo. Kokerani leyayo pansi pake.
- Malowo anapsa ndi kuwala pojambula. Tsegulani `Info` ndi `F8` n'kuyendetsa mausi pachowalacho. Ngati R, G ndi B zonse zili pa 255, palibe khungu lotsala pamenepo. Ngati muli ndi fayilo ya RAW, bwererani ku Camera Raw mutsitse `Highlights` musanagawe.

## Patuluka zigamba zowala kapena zakuda pomwe mwadinda

Pafupifupi nthawi zonse ndi `Sample` ya `Clone Stamp` kapena `Healing Brush`. Pa `High` iyenera kukhala pa `Current Layer`. Ikakhala pa `All Layers` kapena `Current & Below`, imanyamula mtundu wa khungu n'kuuika pa leya yomwe imayenera kukhala yotuwa, ndipo `Linear Light` imaukuza mpaka kusanduka chigamba chodabwitsa. Bwererani m'mbuyo kudzera mu `History`, musinthe `Sample`, muyambenso pamenepo.

Ngati m'malo mwa zigamba mukuona timabowo tobwerezabwereza ngati maluwa a chitenje, ndiye kuti mwatenga malo amodzi kambirimbiri. Muzidina `Alt` pamalo atsopano mukadinda kawiri kapena katatu.

## Mzere wowala kapena wakuda m'mbali mwa nsidze, milomo ndi velo

`Gaussian Blur` sidziwa malire. Pogawa paja, kuda kwa nsidze ndi kuyera kwa velo zinasefukira pakhungu loyandikana nazo pa `Low`, ndipo `High` inasunga chobwezera chake kuti ziwirizo zikaphatikizana zifanane ndi poyamba. Mukasalaza `Low` pafupi ndi malirewo mwachotsa mbali imodzi yokha, chobwezera chija n'kutsala poyera ngati mzere. Zimaoneka kwambiri pa akwatibwi athu chifukwa velo loyera limagundana ndi khungu lakuda.

Chosavuta ndi kusiya mpata. Musafike pafupi ndi nsidze, milomo, tsitsi kapena velo kuposa katatu nambala ya `Radius` yanu, kutanthauza mapikiselo 18 ngati munaika 6. Ngati banga lili pamalire penipeni, gawaninso pogwiritsa `Filter > Noise > Median` m'malo mwa `Gaussian Blur`, chifukwa iyo sisefukira kwambiri pamalire. Ngati mzere watuluka kale, ikani masiki pa gulu lonse n'kupaka zakuda pamenepo kuti chithunzi choyambirira chionekere.

## Mawanga a dzuwa la pansi pa mtengo akukana kuchoka

Awa si mabanga a khungu, ndi kuwala kosiyana, ndipo kusalaza `Low` kumangowasandutsa matope. Amafuna leya ziwiri za `Curves`, ina yowalitsa ina yodetsa, zonse ndi masiki yakuda, n'kumapaka zoyera ndi `Flow` ya 1% kapena 2% pamene pakufunika. Ndi ntchito yodekha, koma sikhudza timabowo m'pang'ono pomwe. Kubiriwira kumene masamba kapena munda wa nzimbe umabweza pansi pa chibwano kumachoka ndi leya ya `Color` ija.

## Mizere ngati masitepe pamasaya

Kawirikawiri ndi fayilo ya `8 Bits/Channel` yosalazidwa kwambiri. Ili ndi masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, ndipo khungu lakuda limagwiritsa gawo lapansi lokha la masitepewo, ndiye mukasalaza amayamba kuoneka. Sinthani ku `Image > Mode > 16 Bits/Channel` musanagawe, ndipo kumbukirani kuti manambala a `Apply Image` asinthanso. Chifukwa chachiwiri ndi chithunzi chimene chinadutsa kale pa WhatsApp n'kupanikizidwa. Pemphani fayilo yoyambirira ya m'kamera.

## Pakompyuta chili bwino, pafoni ya kasitomala chaonongeka

Timabowo ndi tating'ono, ndiye chithunzi chikachepetsedwa ndi kupanikizidwa ndito timayamba kutayika. Pa WhatsApp tumizani ngati `Document` osati ngati chithunzi wamba. Ngati ndi mtundu umene wasintha, khungu n'kuoneka lofooka, potulutsa ndi `File > Export > Export As` chongani `Convert to sRGB` ndi `Embed Color Profile`.

## Pamene muyenera kuima

Pali zina zimene si zolimbana nazo nokha usiku wonse:

- Malo opsa ndi kuwala ndi aakulu, monga theka la chipumi, ndipo RAW palibe. Kumanga khungu latsopano pamenepo ndi ntchito ya katswiri wokonza zithunzi. Ngati n'kotheka kujambulanso, jambulaninso m'mawa kusanatenthe.
- Chithunzi chikupita pa chikwangwani kapena pa felemu yaikulu. Tsukitsani kachigawo ka nkhope kokha pa kukula kwenikweniko muone kaye, musanalipire chonse.
- Zithunzi zanu zonse zikutuluka zakuda kapena zofiira kotsukitsa pamene pasikirini zili bwino. Vuto ndi sikirini, ndipo imafuna munthu wokhala ndi chipangizo choyezera mitundu. Ngati n'kukwera phiri kupita nayo ku Blantyre, kwerani.
- Laputopu ikuzima yokha kapena kuuma pakati pa ntchito masana. Fumbi ndi kutentha kwa kuno zimatseka fani. Sungani ntchito yanu ngati PSD, ndipo makinawo mupite nawo kwa okonza.

Palinso malo ena oimira amene sakhudza katswiri koma mwini nkhope. Chiphuphu cha sabata ino ndimachotsa osafunsa. Koma chipsera chakale, kadontho kobadwa nako, zigamba zoyera za pakhungu, kapena mphini za agogo a mkwatibwi amene abwera kuchokera kumudzi ku Nsanje, sindizikhudza ndisanafunse. Chimodzimodzi kuyeretsa khungu: wina akapempha kuti awaleko, ndimamuonetsa kaye chithunzi chomwe ndangofananitsa mtundu wa nkhope ndi khosi, kuwala kwa thukuta kutachepa. Ndimakulitsa tsaya kufika 100% kuti aone khungu lake lomwe, kenako ndimabweza pa kukula kumene chidzatsukidwire, ndipo ndi pamenepo pamene timagwirizana ngati pali china chowonjezera.